Phunziro 7: Mkangano Umene Umabwerabe

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Miyambo 17:14

Vesi lathu likufanizira chiyambi cha ndewu ndi kuboola pamene madzi anatsekeredwa, ndipo likutichenjeza kuti tileke makani madziwo asanasefukire. Amene analimapo m'mbali mwa phiri amadziwa kuti madzi a mvula akapeza njira kamodzi, chaka chotsatira amadutsanso pomwepo, kufikira kanjira kaja katasanduka chigwembe. Mikangano ya m'banja imateronso. Mwamuna ndi mkazi amene amakondana, amene amagwada pamodzi pa kupembedza kwa m'mawa, angathe kukangana za chinthu chimodzimodzi kwa zaka khumi, ndi mawu omwewo, mpaka ana adziwiratu amene atuluke panja ndi amene alire. Sabata ino tiona chifukwa chake zimatero, ndi mmene njira ya madziyo ingatsekedwere.

SANDE: Hema wa Abrahamu

Werengani Genesis 16:1-6 ndi Genesis 21:8-14. Kodi n'chiyani chikufanana m'nkhani ziwirizi?

Pa nkhani yoyamba Sarai anapwetekedwa mtima chifukwa Hagara, ataona kuti waima, anayamba kumupeputsa. Sarai anapita kwa mwamuna wake namuimba mlandu. Abramu sanafunse za ululu wa mkazi wake, ndiponso sanavomere mbali yake pa zimene zinachitika. Anangobwezera nkhaniyo m'manja mwa Sarai kuti achitire mdzakaziyo chimene chamukomera. Phokoso linatha tsiku lomwelo, koma Hagara anazunzika nathawira kuchipululu.

Abramu anali ndi zaka 86 pamene Ismayeli anabadwa, ndipo anali ndi zaka 100 pamene Isake anabadwa. Choncho pamene nkhaniyi inabukanso pa phwando la kuletsedwa kuyamwa kwa Isake, panali patapita zaka zoposa 14. Sara anafunabe kudziwa chinthu chomwe chija: malo ake ndi a mwana wake m'hema umenewu ndi otani? Funsoli linangokwiriridwa, silinayankhidwe. Nkhani yokwiriridwa ili ngati chitsa cha mtengo chimene chimaphukanso mvula ikagwa.

Ndi nkhani iti m'nyumba mwanu imene inangoleka kukambidwa koma sinathe?

LOLEMBA: Wina Athamangitsa, Wina Athawa

Werengani Miyambo 26:20, 21.

Taganizirani banja ili. Mwamuna ndi mphunzitsi, mkazi amagulitsa matemba pamsika. Mwezi ukatha mwamuna amatumiza ndalama kwa amayi ake kumudzi pa foni, osauza mkazi wake. Mkazi amazindikira pamene ndalama ya feteleza yapelewera. Amayamba ndi mawu akuti, "Inu bambo, nthawi zonse abale anu ndiwo amayamba, ife tilibe ntchito m'nyumba muno." Mwamuna amakhala chete nakweza wailesi. Mkazi poona kuti sakumvedwa amakweza mawu, nakumbutsa za chaka chatha. Mwamuna amati, "Chitani zimene mukufuna, mayi," navala nsapato natuluka. Masiku awiri amadutsa osalankhulana. Lachisanu dzuwa likamalowa amayambanso kulankhulana chifukwa Sabata lafika, ndipo onse amaganiza kuti zatha. Mwezi wotsatira zimachitikanso.

Taonani mmene aliyense akuthirira nkhuni pamoto wa mnzake. Mkazi amakweza mawu chifukwa mwamuna wakhala chete, ndipo mwamuna amakhala chete chifukwa mkazi wakweza mawu. Aliyense akafunsidwa amati, "Ine ndimangoyankha zimene mnzangayu wayamba," ndipo onse awiri akunena zoona. Ngakhale kutumiza ndalama mobisa kuja ndi mbali ya mzungulire womwewo. Mwamuna amabisa chifukwa akuopa mkangano, ndipo kubisako ndiko kumabala mkangano umene akuwopawo.

Ofufuza za maukwati, monga Andrew Christensen wa ku yunivesite ya California, ku Los Angeles, anaona kuti kawirikawiri amene akufuna kuti zinthu zisinthe ndiye amathamangitsa, ndipo amene zinthu zili bwino kwa iye ndiye amathawa. Choncho si nkhani ya chibadwa cha akazi kapena cha amuna chabe. Pa nkhani ina, mwamuna yemweyo angakhale wothamangitsa, mkazi nakhala wothawa.

LACHIWIRI: Chimene Chili Pansi

Werengani Yakobo 4:1, 2 ndi 1 Samueli 1:3-8.

Yakobo akuti ndewu zimachokera ku zofuna zimene zikulimbana mkati mwa munthu. Chaka ndi chaka, banja la Elikana likapita ku Silo, Hana ankalira osadya. Elikana ankamukonda, koma anamufunsa mafunso anayi otsatizana, ndipo lomaliza linali lonena za iye mwini. Sitikuwerenga kuti Hana anayankhapo kanthu.

Tibwerere ku banja lathu lija. Pamwamba nkhani ndi ndalama. Koma mwamunayo ndi mwana woyamba, ndipo amayi ake anamuphunzitsa ndi ndalama ya mandasi atamwalira bambo ake. Mkazi akanena za ndalamayo, iye amamva ngati akuuzidwa kuti ataye amayi ake. Mkaziyo anakulira m'nyumba imene malipiro a bambo ankatha asanafike pakhomo, ndipo iye anabwezedwapo kusukulu chifukwa cha fizi. Akapeza kuti ndalama yachoka iye osadziwa, amamva kuti ana ake adzadutsa njira yomweyo, ndi kuti iye ndi mlendo m'nyumba mwake. Palibe mmodzi wa iwo amene ananenapo zimenezi. Kwa zaka zonsezi akhala akuwerengetsana ndalama, koma vuto lenileni la mkazi ndi mantha, la mwamuna ndi ulemu wa kwa kholo.

John Gottman, amene anaphunzira mabanja kwa zaka zambiri pa yunivesite ya Washington ku America, anapeza kuti pafupifupi nkhani 69 mwa 100 zimene okwatirana amasiyanirapo maganizo sizitheratu, chifukwa zimachokera ku kusiyana kwa chikhalidwe ndi makulidwe. Mabanja okondwa nawonso ali nazo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amatha kuzikamba popanda kuvulazana. Mungadziwe kuti nkhani yanu yaumirira ngati mumaikamba mobwerezabwereza osasuntha, ngati kuseka kunathamo, ndipo ngati aliyense amachokapo akumva kuti wakanidwa.

LACHITATU: Kuima Madzi Asanasefukire

Werengani Yakobo 1:19, 20, Miyambo 15:1, Aefeso 4:26.

Choyamba ndi kudziwa mzungulire wanu ndi kuutchula pamodzi pa nthawi ya mtendere. Banja lathu lija lingathe kunena kuti, "Ine ndikaopa ndimakuwa, inu mukamva kukuwa mumathawa, ndipo mukathawa ine ndimaopa koposa." Akafika ponena zimenezi ayamba kulimbana ndi mzungulirewo m'malo molimbana okhaokha.

Chachiwiri ndi mayambidwe. Gottman anapezanso kuti mphindi zitatu zoyamba za kukambirana zimasonyeza kawirikawiri mmene nkhaniyo ithere. Mawu akuti "nthawi zonse" ndi "simunayambe" amaweruza munthu yense, ndipo woweruzidwa amadziteteza m'malo momvera. Mkazi angathe kunena chinthu chimodzi chimene chachitika, mmene chamukhudzira, ndi chimene akupempha: "Bambo, ndaona kuti ndalama ya feteleza yachepa, ndipo ndachita mantha. Ndikupempha kuti tizikambirana musanatumize."

Chachitatu ndi kupuma. Mkangano ukakula mtima umagunda msanga, ndipo ukapitirira kugunda ka 100 pa mphindi imodzi munthu samvanso bwino zimene mnzake akunena. Zizindikiro zake ndi kupuma mofulumira, kutentha nkhope, ndi kukonzekera yankho mnzako asanamalize. Thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti likhazikike. Koma kupuma kumasiyana ndi kuthawa. Wothawa amangochoka. Wopuma amati, "Mayi, mtima wanga wakwera. Ndiloleni ndiyende pang'ono, tidzakamba ana akagona," ndipo ana akagona iye mwini ndiye amayambitsa nkhaniyo. Akapanda kubwerera, mnzake adzaphunzira kuti kupuma ndi bodza, nadzathamangitsa koposa kale. Ndipo ngati pa mphindi 20 zija munthu akungosonkhanitsa mfundo zogonjetsera mnzake, sanapume konse.

Ena amamva Aefeso 4:26 ngati lamulo lakuti mlandu uthe usiku womwewo, nakangana mpaka tambala atalira. Paulo akunena za mkwiyo. Mungathe kuutula mkwiyo dzuwa lisanalowe, nkhaniyo n'kudzaikamba mawa mutapumula.

LACHINAYI: Pangano Limene Lingasungike

Werengani Genesis 2:24, 1 Timoteo 5:8, Mateyu 7:3-5.

Malemba akuti mwamuna asiye atate ndi amake naphatikane ndi mkazi wake, ndiponso akuti wosasamalira abale ake wakana chikhulupiriro. Banja lathu lija silikuyenera kusankha vesi limodzi ndi kutaya linalo. Aliyense anene chimene sangachisiye, ndi chimene angasinthe. Mwamuna sangasiye kuthandiza amayi ake, koma angasinthe kuchuluka kwake ndi tsiku lake. Mkazi sangavomere kubisiridwa, koma sakuletsa thandizolo. Pamenepo pangano lapezeka: atapatula chakhumi ndi zopereka, aika pambali fizi ndi feteleza, ndipo mwezi uliwonse atumiza kwa mayiwo ndalama imene agwirizana, mwina yokwana thumba limodzi la chimanga. Chopitirira apo, monga pa matenda kapena maliro, akambirana kaye. Makolo a mkazi awerengedwanso chimodzimodzi.

Panganolo lidzaphwanyika tsiku lina, pakuti chizolowezi cha zaka khumi sichitha mwezi umodzi. Pamenepo wolakwa atchule cholakwa chake ndi dzina lake: "Ndinatumiza osakuuzani, ndinalakwa." Kupepesa kumene kumatsatidwa ndi "koma inunso" n'chiyambi cha mkangano wina. Kupita patsogolo kumaoneka pamene mkangano wafupika ndipo kubwererana kwafulumira.

LACHISANU: Kupitiriza Kuphunzira

Malangizo a sabata ino ali ndi malire. Pamene pali kumenya, kuopseza, kapena mmodzi akukhala mwamantha, si mzungulire wa anthu awiri olakwa mofanana, ndipo wozunzidwa asauzidwe kuti angofewetsa mawu. Ayenera kutetezedwa. Ku Malawi kuli lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Momwemonso chigololo ndi uchidakwa zimafuna kulapa ndi thandizo lapadera. Banja limene layesa njira izi kwa miyezi ingapo osasuntha liitane ankhoswe, mbusa, kapena mlangizi wophunzira, amene adzamvera mbali zonse ziwiri.

Mafunso Okambirana:

1. Kodi Abramu akanayankha bwanji Sarai kuti nkhani ya Hagara isangokwiriridwa?

2. Kukhala chete kumatengedwa ngati kufatsa. Tingasiyanitse bwanji kufatsa kwa Mkhristu ndi kuthawa nkhani?

3. Mabanja ambiri amayanjana Lachisanu madzulo chifukwa cha Sabata. Tingatani kuti kuyanjana kumeneku kusakhale kukwirira chitsa?