Cisoni Cotsala Pambuyo pa Kusankha Bwino

Tiyerekeze kuti munthu wina ali ndi ngolo imodzi ndi ng'ombe ziwiri. Atate wace adwala kwakayakaya, nampempha kuti asacoke pambali pao, ndipo iye alonjeza. Pakati pa usiku afika mnansi wace, nanena kuti mkazi wace wasauka masiku awiri, azamba alephera, ndipo cipatala ciri pa mtunda wa mamailosi 12. M'mudzimo mulibe ngolo ina. Munthuyo amanga ng'ombe m'goli, napita. Mai ndi khanda apulumuka. Koma pobwera mamawa, iye amva kulira kwa maliro pakhomo pao.

Kodi analakwa? Iai. Miyoyo iwiri inali m'manja mwace, pamene moyo wa nkhalamba sakadatha kuusunga. Nanga cifukwa ninji mtima wace umpweteka kufikira lero? Cifukwa cace ndi ici: lonjezo lija silinafafanizike pamene linapambanidwa ndi udindo woposa. Atate anali woyenera kutsekedwa maso ndi mwana wao, ndipo sanatero. Cisoni cace cicitira umboni kuti cinthu cimene anacisiya cinali ca mtengo wace.

Tingasiyanitse bwanji cisoni cotere ndi kutsutsika kwa wocimwa? Dzifunseni, abale, funso limodzi: usiku uja ukadabwereranso, ndikadacita ciani? Wocimwa ayankha kuti akadacita mwina, ndipo ameneyo ayenera kulapa. Koma mwini ngolo ayankha kuti akadamanganso ng'ombe, ngakhale ndi misozi.

Pano pali maenje awiri. Loyamba ndilo kudziweruza: munthu aleka kudya Mgonero, nayesa kuti anapha atate wace, nafuna kulapa cimo limene kulibe. Laciwiri ndilo kuuma mtima: auza alongo ace kuti anacita bwino ndipo mlandu watha, osawamvera pamene adandaula.

Njira yabwino tiiona pa 1 Samueli 22. Davide pothawa Sauli anathandizidwa ndi wansembe Ahimeleki ku Nobu, ndipo cifukwa ca ici Sauli anaphetsa ansembe 85. Davide sanagwire lupanga, ngakhale bodza limene anauza wansembeyo linali cimo lacelace loyenera kulapa. Koma pamene Abyatara, mwana wa Ahimeleki, anathawira kwa iye, Davide sanaponye mlandu wonse pa Sauli. Anabvomera kuti imfa zija zinadzera mwa iye, nasunga wamasiyeyo pambali pace.

Momwemonso mwini ngolo akhale pansi ndi amai wace ndi alongo ace, awafotokozere zonse, apepese cifukwa ca lonjezo losakwanitsidwa, ndi kusamalira amaiwo monga atate akadafuna. Asanene kuti anacimwa ponyamula wodwala, pakuti limenelo ndi bodza. Kapena cisoni sicidzatha konse. Koma acitule kwa Mulungu monga katundu wolemetsa, pakuti Iye adziwa za usiku uja.