Amene wakulanda malo nayenso sagona tulo

Abale a m'gulu lino, sabata ino tiyeni tikambe za mantha amene ambirife timagona nawo koma sitiwatchula. Ndi mantha oti mawa bwana apeza wina wamng'ono kuposa iwe, wolandira zochepa kuposa iwe, kapena agula makina osadya nsima. Funso langa ndi ili: munthu amene wabwera kudzatenga malo akoyo, kodi ndi mdani wako?

Kuti tisayankhule zam'mwamba, tsikani nane pa Ntcheu boma, m'mbali mwa msewu wa M1. Pamene basi yaima, mukuona magulu awiri a akabaza. Uku kuli anyamata a njinga zamoto, injini zikulira kale musanaponde pansi. Uko, pamthunzi, kuli azibambo ochepa a njinga zakapalasa, kakhushoni kumbuyo, thukuta louma pamalaya. Zaka zapitazo siteji yonse inali yawo. Lero njinga zamoto zili mbwee, ndipo sizichokera kutali, poti kuno Mozambiki ndi kungowoloka msewu, monga mudziwa inu amene munafikako ku Lizulu kapena ku Biriwiri.

Pali bambo wina wa kapalasa amene ndimakonda kukwera. Tsiku lina tikukwera kachitunda ndinamva mpweya wawo ukulira ngati mvukuto, ndipo ndinati nditsike ndiyende. Anakana. “Khalani pomwepo, mwanawanga. Mukatsika, mawa mukwera yamoto.” Mawu amenewa anandilasa. Sanali kuopa chitunda ayi. Anali kuopa kuoneka wotha ntchito pamaso pa kasitomala.

Umu ndi momwe mantha amenewa amadyera munthu. Tiyerekeze ndi mitengo yongopangira chitsanzo, poti yeniyeni imasintha mwezi ndi mwezi. Tinene kuti madalawa amalipiritsa K1,000 pa ulendo, ndipo patsiku amayenda maulendo 8. Ndiye kuti amapita kunyumba ndi K8,000. Poona kuti anthu akuthamangira yamoto, atsitsa mtengo kufika pa K700. Kuti apeze K8,000 yomwe ija, tsopano ayenera kupalasa maulendo 12. Mafuta a njinga yakapalasa ndi mawondo ndi msana wa mwini wake. Choncho K300 imene inu mwapulumutsa pa ulendo sinasowe ayi. Yalipiridwa ndi thupi la munthu. Ndipo mnzawo wa pasiteji akamva kuti mtengo watsika, naye atsitsa. Palibe amene wawonjezera makasitomala. Onse angotopa kwambiri pa ndalama yomwe ija.

Tsopano tiwoloke, tikamuone “mdani” uja. Anyamata ambiri a njinga zamoto, njingayo si yawo. Ili ndi mwini wake, mwina mphunzitsi, mwina wamalonda, amene amafuna ndalama yake yokhazikika madzulo aliwonse, kaya kunali makasitomala kaya kunagwa mvula tsiku lonse. Tiyerekezenso: mnyamata watolera K25,000. Petulo wadya K9,000, bwana watenga K10,000, m'thumba mwatsala K6,000, chubu chisanaphulike, asanakumane ndi apolisi apamsewu. Akalephera kukwanitsa ya bwana masiku awiri atatu, makiyi amalandidwa n'kupatsidwa mnyamata wina amene wakhala akudikira pakhonde. Mukamuona akuthamanga ngati wamisala, atanyamula anthu awiri ndi thumba la kachewere, musaganize kuti ndi kunyada kokha. Akuthawa chinthu chomwecho chimene madala aja akuthawa pachitunda. Kusiyana kwake n'kwakuti madala njinga ndi yawo, palibe angawalande. Wamng'onoyo ndiye wosavuta kumusintha kuposa wamkuluyo.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Mantha amenewa si misala, ndipo sindikuuzani kuti muwataye. Amanena zoona: malo ako akhoza kupitadi. Koma amanama pa chinthu chimodzi, amakulozera munthu wolakwika. Amakuuza kuti uyang'ane cham'mbali, kwa mnzako wosauka ngati iwe, m'malo moyang'ana kumene phindu la kutchipako likupita. Pa siteji ija phindu likupita kwa mwini njinga ndi kwa wokwera. Wokwerayo ndi ine, ndi inu.

Inde, ifeyo. Inu amene mukudandaula kuti ku ofesi alemba kamwana kongotuluka kumene ku koleji pa theka la malipiro anu, dzulo munamusiya telala wa pakhonde n'kukagula kaunjika. Mvula ikugwa, mwana akudwala, ndani wa ife angakwere kapalasa yamoto ilipo? Ngakhale madala aja anandiuza okha kuti atagula njinga yawo, amayi amene ankasenza katundu wa anthu pamutu kuchokera kumsika anasowa wowatuma. “Nthawi imeneyo sindinaganizeko za iwo,” anatero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye tizikana makina? Ayi ndithu. Funsani agogo anu aakazi ngati akufuna kubwerera pa mtondo chigayo chilipo. Funsani mayi wodwala wa ku Tsangano ngati akufuna kupita kuchipatala pa kapalasa. Liwiro limapulumutsa miyoyo. Komanso makina ali ndi malire awo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zochokera kunja zinakwera mtengo, kuphatikizapo matayala ndi zipangizo za njinga zamoto. Mafuta atasowa chakumapeto kwa 2024, yamoto inkagona pamzere, pamene kapalasa ankangodutsa. Koma musanamizidwe, munthu sangamange moyo wake podikira kuti petulo asowe.

Chimene ndikuona kuti chili m'manja mwathu ndi kukana kuti manthawa atilamule pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kutsitsirana mtengo mobisa. Ichi munthu sangachikane payekha, chifukwa wokana yekha ndiye amagona ndi njala. Chimatheka siteji yonse ikagwirizana mtengo wotsikitsitsa, n'chifukwa chake masiteji amasankha atcheyamani. Chachiwiri ndi kubisa luso. Mmisiri woopa kulandidwa malo amatuma wophunzira wake kukagula fodya nthawi imene akumanga chinthu chovuta. Amaganiza kuti akudziteteza, koma akungophunzitsa mwanayo kuti ntchito ndi nkhondo, ndipo tsiku limene mwanayo adzakhale pamwamba sadzakhala ndi chifukwa chomukumbukira.

Palinso china chimene tiyenera kuchilekanitsa m'mitima mwathu. Msika umaika mtengo pa ulendo, osati pa munthu. Ndikudziwa kuti mawu amenewa sagula ufa. Koma taganizani, madala aja anakana kuti nditsike chifukwa anali atakhulupirira kuti kutopa n'kulakwa, kukalamba ndi mlandu. Munthu akafika pamenepo, ndiye kuti wadzichotsa yekha ntchito bwana asanatero. Amasiya kupuma, amabisa matenda, amada mwana wa mnzake popanda chimene wamulakwira.

Masiku ano tikafika pachitunda chija ndimatsika, osafunsa, ndipo timayenda limodzi tikukankha njinga. Ndalama ndimapereka yonse. Sindikunama kuti izi zibweza njinga zamoto ku Mozambiki, ndipo tsiku lina ndikachedwa nanenso ndimakwera yamoto yomweyo, maso ndikuwathawitsa pamthunzi paja.

Nanga inu, kumene muliko, amene mumamuopa kuti akulandani malo ndi ndani? Munayamba mwamufunsapo kuti iyeyo amaopa ndani?