Cikagwa m'dzala, n'candani?

Timaganiza kuti cinthu tikacitaya ndiye kuti tathana naco. Khoko la nthoci limavomeleza maganizo amenewa, pakuti limaola n'kusanduka dothi. Batile ya foni yotupa imawakana.

Batile ya lithiyamu imatupa pamene madzi a mankhwala a mkati mwake ayamba kuonongeka n'kutulutsa mpweya umene ulibe potulukila. Kukalamba, kutentha ndi chaja yosalongosoka ndizo zimafulumizitsa zimenezi. Mudzaidziwa poona civundikilo cakumbuyo cikukanuka, galasi likutukuka, kapena foni ikugwedela pa tebulo. Mkati mwake, mbali ziwili za mphamvu zimalekanitsidwa ndi kapepala ka pulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi. Kakabooka, mbalizo zimakhudzana, batile n'kuyaka yokha.

Tsopano itsatileni batileyo mukaiponya m'zinyalala mu Lusaka. Imapanikizika m'galimoto yonyamula zinyalala, kenako ikafika ku Chunga, kumene anthu amafukula mulu ndi manja ndi zitsulo kufuna zogulitsa. Amene adzaibaya sanagule foniyo, sanaimbilepo, ndipo palibe anamucenjeza. Phindu linali lanu, ngozi mwamusiyila iye. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimile. Nanga ndevuzo ukaziyatsa ndiwe?

Nthambo za chaja nazo n'cimodzimodzi. Mkati muli kopa, ndipo njila yacidule yomutulutsila ndiyo kuocha. Koma pulasitiki yokuta nthambo zambili ili ndi kolorini, ndipo ikapsa imatulutsa utsi wowawa m'mapapo ndi poizoni wotsalila m'phulusa. Kopa amapita kwa wogula, utsi umatsala m'cifuwa ca wooca.

Wina anganene kuti mlandu ngwa opanga mafoni ndi boma, cifukwa malo olandilila zinyalala zotele ndi ocepa. Ali ndi mfundo. Koma kucepa kwa malo sikucititsa dzala kukhala malo oyenela. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovuwo ukali m'dothi limene ana amasewelelapo. Cosiyidwa sicicoka, cimangosintha woculutsidwa naco mavuto.

Udindo wathu ndi waung'ono ndipo ngwotheka. Foni ikatupa, izimitseni ndipo musaichajenso. Musaikanikize kuti iphwe, musaibaye ndi singano. Ngati batile imacoka yokha, matani tepi pa tizitsulo take, muiike m'citini ca mcenga wouma, pamthunzi, kutali ndi mbaula ndi ana. Ngati ili yomatilila mkati, musaikanule ndi mpeni. Pelekani foni yonse kwa wokonza, mum'uze kuti yatupa, ndipo mum'funse kumene amapeleka mabatile akufa. Akati amataya m'bini, funani wina. Nthambo zisonkhanitseni, muzipeleke kwa amene amasenda, osati amene amaoca.

Batileyo ikali yanu kufikila itafika m'manja mwa munthu amene akudziwa cimene wagwila.