Mulungu Anandiimira Kudzera mwa Mnzanga

Ine ndine mlangizi wa zaumoyo kuno kwa Kaphuka, ndipo ndaima pano kuthokoza Mulungu chifukwa cha mlongo wanga wa pantchito.

Munali mu Febuluwale, mvula ili pakati, pamene mayi akunyumba, ali oyembekezera, anayamba kumva mutu waukulu ndi kutupa nkhope. Magazi anali atathamanga kwambiri. Usiku wa tsikulo azachipatala anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Dedza, kumene anawachita opaleshoni. Ine ndinakhala gadiyani. Koma m'mawa mwake linali tsiku la sikelo ya ana kudera langa.

Ena amaona ngati sikelo ndi kungopachika mwana pa kabudula n'kulemba kulemera kwake. Ayi. Sikelo yakumudzi imabwera kamodzi pamwezi. Ikalephereka, khanda loyenera katemera wa masabata 6, 10 kapena 14 limadikira mwezi wina, ndipo mayi amene wasiya ntchito kumunda n'kupeza palibe munthu, mwezi wotsatira sabweranso.

Ndinaimba foni ndili pakhonde la wodi, mawu akunjenjemera. Mnzangayo anangoti, "Achimwene, samalani alamu. Za kuno zisiyeni m'manja mwanga."

Iwo ali ndi dera lawo. Komabe analawirira kukatenga katemera mufiriji, n'kumuika m'bokosi lozizira, pakuti katemerayu afunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Anamanga bokosilo panjinga, ndipo pamene matope anakana anaikankha ndi manja. Atafika anayamba awerenga ana a miyezi 9 ndi 15 asanasungunule katemera wa chikuku, chifukwa botolo likasungunulidwa, pakatha maola 6 wotsalayo ngwotaya.

Apa ndiye ndinaona dzanja la Ambuye. Pamzere panali mwana amene kulemera kwake sikunkadetsa nkhawa. Mnzangayo sanakhutire ndi sikelo yokha. Anadina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu, ndipo atachotsa panatsala maenje. Kulemerako kunali kwa madzi, mwanayo anali atatupikana ndi kunyentchera. Anamulembera kalata tsiku lomwelo, akuchipatala anamulandira, kenaka anayamba chiponde. Wongogwirizira ntchito ya mwini akanalemba nambala n'kuitana wotsatira.

Sanalekere pomwepo. Analemba m'kaundula mwana aliyense, anatumiza lipoti langa la pamwezi, ndipo Loweruka anatipeza ku Dedza atanyamula ufa, nyemba ndi kachewere. Nditafuna kuwabwezera ya ulendo anakana.

Lero mayi akunyumba ali bwino, khanda lathu likuyamwa, ndipo mwana wotupikana uja akuyenda.

Achemwali, zikomo. Mulungu amene anaona thukuta lanu pamatope paja akukumbukireni inu ndi ana anu. Ndipo inu a mpingo, ndikupempha kuti muziwatchula m'mapemphero anu sabata ino. Ameni.