Mfundo zofunika tisanaime pamzere wa Ukaristia

Mabanja ambiri mu Lilongwe muno ndi osakanikirana mipingo. Bambo amapemphera ku Maula, mayi anakulira mu CCAP, mwana wina analowa mpingo wa Pentekosite. Ukwati kapena maliro zikatisonkhanitsa pa Misa, imafika nthawi yoti anthu anyamuke kukalandira, ndipo ena timangoyang'anizana. Kodi tipite nawo? Kodi chili m'manja mwa wansembeyo n'chiyani?

1. Chimene maso akuona sichisintha. Chimanga chikapita kuchigayo chimabwerako chili ufa: maonekedwe asintha, koma chikadali chimanga. Akatolika amaphunzitsa kuti pa Misa zimachitika mosiyana ndi pamenepa. Wansembe akanena mawu amene Yesu ananena pa chakudya chomaliza, kuyera kwa mkate, kulemera kwake, kakomedwe ndi fungo la vinyo zimakhala monga zinalili. Chimasandulika ndi chenicheni cha zinthuzo: sulinso mkate, salinso vinyo, koma Thupi ndi Magazi a Khristu. Munthu atapita nazo kokapima, makina angapezebe tirigu ndi mphesa, ndipo Mkatolika wodziwa chiphunzitso chake sangadabwe, pakuti makina amapima maonekedwe omwe aja. Msonkhano wa ku Laterano wa mu 1215 unalemba chiphunzitsochi, ndipo wa ku Trento unachitsimikiza mu 1551. Ndiye tisanatsutse kapena kuvomereza, kodi tamvetsa chimene Mpingo wa Katolika ukunenadi?

2. Chikhulupiriro chimaoneka pa zotsala. Tikafuna kudziwa chimene mpingo umakhulupirira, tiyang'ane zochitika anthu akatha kulandira. Ku Maula kapena ku St Patrick's ku Area 18, wansembe amasesera tizidutswa tonse m'chikho, n'kuthiramo madzi, n'kumwa. Ukaristia wotsala sautaya ndipo saubwezera m'paketi. Amautsekera m'tabernakulo, pafupi pake pamayaka kanyali usana ndi usiku, ndipo aliyense wodutsa amagwada. Kuchokera m'menemo amatenga wokapatsa odwala kunyumba ndi kuchipatala. Kwa Mkatolika, Khristu sachoka Misa ikatha; amakhalapo malinga ngati maonekedwe a mkate alipo. N'chifukwa chakenso Mpingo suloleza mkate wina koma wa tirigu, kapena chakumwa china koma vinyo wa mphesa, ngakhale thobwa litakoma chotani. Mwambo wonsewu ukanakhala wachabe chikanakhala chikumbutso chokha.

3. Amene sanena monga ife sakunyoza. Nafe Akatolika tichenjere, tisaike mipingo ina yonse m'thumba limodzi. Mu 1529, ku Marburg, Martin Luther ndi Ulrich Zwingli anakangana pa nkhani yomweyi mpaka kusiyana osagwirizana. Luther anati Khristu alipodi mu mkate ndi vinyo, koma mkatewo ukadali mkate. Ndi mmene Alutherani amaphunzitsira mpaka lero. Zwingli anati mkate ndi chizindikiro chotikumbutsa imfa ya Ambuye, ndipo Abaptisti ndi mipingo yambiri ya Pentekosite ali kufupi ndi maganizo amenewa. Sinodi ya Nkhoma, imene mizu yake ili ku Mvera kumene amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1889, imatsata njira ya John Calvin: mkate susandulika, koma wakudya ndi chikhulupiriro amadyetsedwadi Khristu mwa Mzimu Woyera. N'chifukwa chake ku CCAP, ngakhale Mgonero suchitika sabata iliyonse, anthu amaukonzekera, ndipo kuimitsidwa Mgonero ndi chilango chowawa. Kodi munthu angalire chifukwa cha chinthu chimene amachiyesa chopanda pake?

4. Kufanana kwa mwambo kusatinamize. Ku St Peter's ku Area 3, Aangilikani nawo amati Misa, ali ndi guwa ndi ansembe ovala mikanjo. Komabe mfundo zakale za mpingo wawo zimakana kusandulika kumene Akatolika amaphunzitsa, ngakhale ambiri amakhulupirira kuti Khristu alipodi. A Seventh Day amayamba ndi kusambitsana mapazi, ndipo amamwa madzi a mphesa osasasa.

5. Kukhala pampando nakonso n'kunena zoona. Wolandira pa Misa amayankha kuti Amen, kutanthauza kuti wavomereza kuti ili ndi Thupi la Khristu komanso kuti ali mu umodzi ndi Mpingo umenewu. Choncho mayi wa ku CCAP amene wabwera ku ukwati wa mphwake akakhala pansi ena akulandira, sanathamangitsidwe. Wakana kuvomereza ndi pakamwa chimene mtima wake sukhulupirira. Ngakhale Mkatolika salandira mwachisawawa. Amasala kudya kwa ola limodzi, ndipo ngati ali ndi tchimo lalikulu amayamba wakalapa. Ambirife timaimirira chifukwa cha manyazi, poopa maso a anthu a pabenchi. Inu amene mwaitana abale a mipingo ina ku Misa ya ukwati kapena ya maliro, afotokozereni zimenezi muli kunyumba, tsikulo lisanafike.