Kalasi Yako Iyambe: Malangizo kwa Mphunzitsi Amene Sakana

Mwanangu, popeza wayamba uphunzitsi ku pulaimale, ndikuuze za vuto limene limagwera aphunzitsi atsopano ofatsa ngati iwe. Anzako a pasukulu akazindikira kuti sukana, ntchito zawo zimayamba kuyenderera kwa iwe. Wina akuti umugwirire piriyodi poti akuthamangira kubanki, wina umulembere sikimu poti uli ndi dzanja labwino, wina akusiyira mulu wa mapepala a mayeso. Ambiri mwa iwo si anthu oipa. Angoona khomo losatseka. Koma teremu ikamatha udzapeza kuti kalasi imene yatsalira pa zonse ndi yako.

Tiye tiwerengere limodzi, chifukwa pempho limamveka laling'ono kufikira utaliika pa wotchi. Tinene kuti uli ndi ana 90 mu Sitandade 5 ndipo umaphunzitsa maphunziro atatu. Mayeso otsekera teremu akupatsa mapepala 270. Ngati pepala limodzi likutengera mphindi zinayi kuti ulichonge bwino ndi kulemba malikisi, ndiye kuti ukufunika maola 18, osawerengera kuwonkhetsa ndi kulemba malipoti opita kwa makolo. Kenaka abwere aphunzitsi a Sitandade 6 nati, "Mwana wanga, ungondichongerako maphunziro awiri okha." Ngati ali ndi ana 80, amenewo ndi mapepala 160, maola opitirira khumi. Maolawo sadzagwa kumwamba. Udzawachotsa pa tulo tako, kapena pa ana ako: udzayamba kuchonga mothamanga, osaonanso kuti theka la kalasi lalakwitsa funso limodzi lomwelo la kugawa, chimene chikanakuuza poyambira teremu yamawa. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa.

Dziwanso kuti ntchito ikakhala ya dzina lako, mlandu wake ndi wako. Alangizi a m'zoni akabwera kudzayendera sukulu, adzafuna kuona sikimu yako, mapulani a maphunziro ako, kaundula wa ana ako ndi makope awo. Akapeza kuti kaundula sanaitanidwe masiku atatu, sudzanena kuti unali m'kalasi ya mnzako. Ndipo ukasiya ana ako okha kuti ukagwirire wina, mwana n'kuvulala m'kalasi mwako, wofunsidwa ndiwe. Pa ntchito imene wagwirira mnzako, ikayenda bwino chiyamiko ndi chake, ikalakwika adzati, "Anachonga ndi uja watsopano."

Sindikuti uume mtima. Pasukulu pamagwa maliro, mwana wa mnzako amadwala usiku, mayi woyembekezera amapita kusikelo. Pa zotere usadikire n'kupemphedwa komwe, nyamuka ukathandize, ndipo tsiku lako likadzafika nawenso adzakugwirira. Chofunika ndi kusiyanitsa kuthandiza ndi kutulidwa katundu. Munthu akakupempha, dzifunse zinthu zitatu. Kodi chamugwera ndi chadzidzidzi, kapena ndi ntchito imene ankaidziwa kuyambira tsiku lotsegulira sukulu? Kodi pempholi lili ndi polekezera, kapena likhala la Lachisanu lililonse? Kodi iweyo utapempha chimodzimodzi, angakuchitire? Mayeso otsekera teremu sadzidzimutsa mphunzitsi aliyense. Amene wafika sabata yomaliza asanachonge, vuto lake ndi kuzengereza, ndipo ukamuchongera lero wamuphunzitsa kuti teremu yamawa azengerezenso.

Chovuta kwambiri ndi pakamwa, makamaka wopemphayo akakhala wa msinkhu wa mayi ako. Tinaleredwa kuti wamkulu sakanidwa. Koma ulemu uli m'mayankhulidwe, ndipo munthu angathe kukana atagwira m'manja. Choyamba, leka kuyankha nthawi yomweyo. Nena kuti, "Ndiyambe ndaona ntchito yanga, ndikuyankhani pa buleki." Mphindi zimenezo zikupatsa mpata wowerengera. Ukabwerera, yankha mwachidule: "Pepani amayi, sinditha. Ndili ndi mapepala 270 ofunika kwa ahedi Lachinayi." Ngati pali kachigawo kamene ungathedi, katchule ndi malire ake: "Kuchonga sinditha, koma Lachitatu tikaweruka ndikhala nanu ola limodzi tiwonkhetse malikisi." Taona kuti ukuti "ndikhala nanu". Ntchito ikhale m'manja mwa mwini wake, iwe ungogwirako. Mapepala a mnzako asapite kunyumba kwako.

Usanamizire matenda kapena ulendo. Bodza limangokupulumutsa lero, chifukwa wopemphayo adzati, "Chabwino, mudzachonge mukachira." Usachulutsenso zifukwa, pakuti chifukwa chilichonse chimene wapereka iye adzachipezera njira. Akaumirira, bwereza mawu omwewo mofatsa, osakweza mawu, osawonjezera china. Ndipo pewa mawu akuti "ndiona" pamene mumtima wakana kale. Mnzakoyo adzawamva ngati kuvomera, ndipo tsiku lomaliza mudzadana kuposa mmene mukanadanirana ukanakana poyamba.

Akakhala ahedi kapena achiwiri awo amene akukupatsa ntchito, nkhani yasintha. Kugawa ntchito ndi udindo wawo, ndipo iwe wongoyamba kumene suyenera kumveka ngati wokana lamulo. Apa uwaonetse zimene wasenza kale, asankhe okha: "Bambo, ndili ndi Sitandade 5, zamasewero ndi maminitsi a msonkhano wa aphunzitsi. Ndikatenganso izi, china chichedwa. Ndiyambe chiti?" Kawirikawiri ahedi sadziwa kuti zina mwa zimene ukugwira anakupatsa ndi anzako mwamseri. N'chifukwa chake ukhale ndi tsamba kumapeto kwa kope lako, pamene uzilemba tsiku, ntchito ndi nthawi imene yakutengera. Tsambalo si lonenezera anthu. Ndi loti ukamayankhula uzitchula zinthu zooneka, osati kungodandaula kuti watopa. Mnzako akati, "Ahedi anena kuti mundigwirire," yankha kuti, "Zikomo, ndikawaona kuti andiuze ana anga ndiwasiyira ndani."

Nanga ntchito zimene unalandira kale mpaka zasanduka ngati zako? Usazitaye pakati pa njira, chifukwa ovutika adzakhala ana. Maliza zimene unalonjeza, kenaka bweza imodziimodzi, ukuneneratu tsiku: "Sikimu ya teremu ino ndimaliza, koma yamawa mudzalemba nokha. Ngati mungafune, tidzakhala pansi ndikuonetseni mmene ndimaigawira m'masabata." Nthawi yabwino ndi yotsekera teremu kapena pa msonkhano wogawana maphunziro. Pamsonkhanopo upemphe kuti ntchito zopanda mwini, monga kulemba maminitsi ndi kuperekeza ana kumasewero, zizizungulira pa ndandanda wolembedwa, osati zizigwera wamng'ono pa onse.

Konzekera kuti ena adzanyinyirika. Udzamva kuti wayamba kudzimva, kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Usabwezere, ndipo usasinthe moni wako. Pitiriza kupita kumaliro, kuzonda odwala ndi kusonkha nawo za chisoni. Amene ankakukonda chifukwa cha iwe mwini adzazolowera msanga, ndipo amene adzakwiye mpaka kalekale wakuonetsa chimene ankakufunira. Choopsa ndi kukana Lolemba n'kuvomera Lachitatu chifukwa cha nkhope yokwinya, pakuti ukatero wawaphunzitsa kuti kukana kwako kumatha ndi kuumiriza.

Mawa lomwe, usanalowe m'kalasi, lemba ntchito zonse zimene uli nazo. Ika chizindikiro pa zimene si zako, usankhe imodzi, ndipo ukauze mwini wake tsiku limene adzaitenge.