Khoswe akakhala pamkhate sapheka

Khoswe wakwera pamkhate, iwe chibonga chili m'manja. Ukamenya, khosweyo akhoza kufa kapena kuthawa, koma mkhate wadothi uphwanyika ndithu, madzi onse n'kutayika. Makolo ankanena mwambiwu akamaweruza mlandu wa wachibale, poona kuti chilango chaphuma chikhoza kupasula mudzi. Sankati wolakwa angosiyidwa ayi. Ankati dikira atsike kaye.

Masiku ano mikhate ina ili m'mafoni mwathu. Tiyerekeze alimi 25 a mbatatesi kumapiri a kwa Dambe, m'boma la Neno, atsegula gulu la pa WhatsApp kuti azisonkherana ndalama ya lole yopita ndi matumba awo ku Blantyre. Lachitatu madzulo msungichuma walemba kuti lole ifika Lachisanu m'mamawa, ndipo aliyense anene matumba ake. Posakhalitsa bambo wina walemba kuti, "Achimwene, ndalama zathu mukungodya inu." Khoswe uja wakwera pamkhate.

Zotsatira zake timazidziwa. Mlamu wa msungichuma alowerera, wina akumbutsa za malire a munda, wina aponya mawu ojambula a mphindi zinayi. Tsono taganizirani mayi amene kwawo netiweki imagwira pokhapokha akakwera pachitunda. Akatsegula foni Lachinayi apeza mauthenga oposa 100, bandulo yake n'kuthera pa zokangana, uthenga wa lole osauona. Lachisanu matumba ake atsala kumunda, ndipo aliyense wodziwa msewu wa ku Neno nthawi ya mvula akudziwa kuti lole ina sipezeka msanga. Wovulala ndi mayiyu, amene sanatukwane munthu.

Nanga anthu akanatani? Uthenga wa msungichuma unkafuna yankho la aliyense, kamodzi, mwachidule: "Anga ndi matumba 6." Funso lofuna chiwerengero siliyenera kukhalidwa chete, chifukwa wowerengerayo sangalote. Koma uthenga wa bambo uja sunali wa anthu 25. Unali ndi eni ake awiri okha, msungichuma ndi adimini. Ena onse ulemu wawo unali kukhala chete, ngakhale chala chiyabwe bwanji.

Apa mwambiwu uli ndi malire ake, ndipo ndimaona ambiri akuuphonya. M'mawu a bambo uja muli zinthu ziwiri, funso la ndalama ndi chipongwe. Funso la ndalama ndi la gulu lonse, choncho liyankhidwe pagulu pomwepo ndi manambala: asonkha 21, atsala 4, ndalama yapita kwa mwini lole, umboni wake ndi uwu. Msungichuma akalitengera kumbali, anthu ayamba kukayika kuti mwina pali chobisika. Chipongwe chokha ndicho chofunika kuchitsitsa pamkhate. Adimini asindikize uthengawo, asankhe Reply privately, kapena bwino koposa angoimba foni: "Bambo, funso lanu lamveka ndipo layankhidwa, koma mawu aja afufuteni." Munthu wodzudzulidwa pamaso pa akazi ake, apongozi ndi ana a mnzake savomera kulakwa, amangolimba khosi. Ali yekha amafewa msanga.

Nthawi yofufutira nayo ili ndi polekezera. Delete for everyone imagwira pafupifupi masiku awiri okha, ndipo amene anawerenga kale kapena kujambula uthengawo ali nawobe. Moto ukakula, adimini ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina, kapena kutseka gulu kwa usiku umodzi kuti azilemba ndi maadimini okha. Koma anene chifukwa chake ndi nthawi yotsegulira, apo ayi anthu akatsegula gulu lina lomunena iyeyo.

Mikangano ina imabadwira pa kuchedwa kuyankha. Wachibale wa ku Joni, kumene intaneti sivuta, amadabwa kuti a kumudzi akhala chete tsiku lonse, n'kuyamba kulemba kuti akunyozedwa. Asanakwiye, asindikize uthenga wake n'kuona pa Info. Pamenepo pamaoneka amene waulandira ndi amene wauwerenga. Kawirikawiri apeza kuti sunafike n'komwe, foni ili kotchajitsa pamsika wa Ligowe kapena netiweki yasowa. Amene ali ku Zalewa, m'mphepete mwa msewu waukulu, ndi amene ali kuseri kwa phiri sangayankhe pa liwiro limodzi.

Inu maadimini a magulu a ku Neno, a mpingo, a banki m'khonde ngakhale a maliro, wina akalakwa mawa pagulu panu, yambani mwamuimbira foni musanalembe kalikonse.